Mafunso ndi mayankho: nthaka yolimba pamwamba mvula ikatha

N'chifukwa chiyani nthaka imauma gwa mvula ikangokata?

Dothi labwino limakhala ndi timibulu tating'ono, ndipo pakati pake pamakhala timipata tolowera madzi ndi mpweya. Madontho a mvula yamphamvu akamenya nthaka yopanda chophimba amaphwanya timibuluto. Fumbi losalala limasanduka thope n'kutseka timipata tija. Dzuwa likawomba, thopelo limauma ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Kukhuthala kwake ndi mamilimita ochepa chabe, koma mvula yotsatira imangoyenderera pamwamba n'kukokolola dothi, pansi pali pouma.

Bwanji munda wina umachita izi pomwe woyandikana nawo ayi?

Kawirikawiri kusiyana kwake ndi zowolerana. Manyowa ndi mizu yowola ndizo zimamata timibulu kuti tisasweke. Munda wotenthedwa mapesi chaka ndi chaka, kapena wogaulidwa mpaka kusalala ngati ufa, ulibe chitetezo. Dothi la mchenga wosalala kwambiri ndi la matope obwera ndi mtsinje limalimba msanga. Tengani kabuluma kouma, mukaike pang'onopang'ono m'mbale ya madzi. Kakasungunuka nthawi yomweyo, mundawo uli pachiopsezo.

Mbewu ziti zimavutika kwambiri?

Za njere zazing'ono monga mawere, mapira, anyezi ndi kaloti. Nyemba ndi soya nazonso, chifukwa zimamera zitapinda khosi zikukoka njere yonse, ndiye khosilo limathyoka. Chimanga chimayesetsa, koma chikalephera kuboola chimatambasula masamba pansi pa dothi.

Ndabzala kale ndipo palimba. Nditani?

Musadikire. Fukulani phando limodzi muone pomwe mmera wafika. Ngati sunafike pamwamba, palasani mopepuka ndi leki kapena kamtengo, osapitirira sentimita 1 kapena 2, nthaka ikadali ndi kachinyezi. Ikaumiratu imang'ambika zibuluma zozula mmera. Kudimba thirirani madzi ochepa m'mawa ndi madzulo, ndi keni ya sefa, kufikira mbewu zitatuluka. Kukhuthula madzi ndi ndowa kumabweretsa vuto lomwelo.

Ndingapewe bwanji?

Phimbani nthaka mvula yoyamba isanagwe, chifukwa ndiyo imapeza minda ili mbee. Mapesi kapena udzu wopanda njere ziphimbe gawo limodzi mwa magawo 3 a nthaka, ndipo kuposa apo ndi bwino. Pa nazale yalani udzu wochepa, muuchotse mbewu zikayamba kumera. Thirani manyowa owola bwino chaka chilichonse, bzalani nandolo kapena khobwe m'chimanga, ndipo musalime kapena kupondaponda m'munda muli matope. Timibulu sitibwerera nyengo imodzi, koma chophimba chimathandiza kuyambira mvula yoyamba.

Feteleza angathandize?

Ayi, feteleza amadyetsa mbewu koma samata dothi. Pomwe nthaka ili ndi mchere wa sodiyamu wambiri, monga malo ena a m'chigwa cha Shire, jipisamu, ufa woyera wochokera ku miyala womwe amathira m'munda, amathandiza, koma yambani mwayezetsa dothi kudzera kwa alangizi kuti mudziwe mlingo wake.