Pempho la Thandizo la Maphunziro a Unamwino

Olemekezeka a Komiti,

Bambo anga adamwalira mu 2021 atadwala matenda a shuga kwa zaka zitatu, ndipo ndalama zonse zidathera kuchipatala. Mayi amasoka zovala, koma phindu lake silikwanira kusamalira ana anayife. Ndidajomba teremu yathunthu chifukwa chosowa fizi; ndinkabwereka makope a anzanga n’kumakopera usiku.

Ngakhale zidali choncho, pa mayeso omaliza a sekondale ndidakhoza maphunziro onse asanu ndi atatu, ndipo pa Bayoloje ndidapeza 86 pa 100. Ndapatsidwa malo ophunzira unamwino kwa zaka zinayi. Ndikupempha thandizo la fizi, malo ogona ndi mabuku.

Ndikamaliza ndikufuna kukagwira ntchito kuchipatala chakumudzi, kuyeza anthu shuga msanga asanafike podulidwa mwendo ngati bambo anga.

Ine wanu,
Chikondi