Dashibodi ya malonda ndi sitoko tsopano ikudzikonza yokha

Anzathu nonse,

Kuyambira Lolemba likubwerali, dashibodi ya malonda ndi sitoko izitenga manambala atsopano yokha. Ntchito ija yokopera mafayilo atatu, kuwamata mu sipuredishiti yaikulu ndi kutumiza uthenga woti "ndamaliza, mukhoza kuona" yatha. Linki ndi yomwe ija, pasiwedi yanu ndi yomwe ija, ndipo matchati ali pomwe munawazolowera. Chomwe chasintha kwenikweni nchakuti pakati pa zomwe mwalemba inu ndi zomwe aziona akuluakulu pamsonkhano palibenso munthu. Kale wokopera uja ankaona kuti apa palakwika nakonza mwakachetechete. Pulogalamu sichita zimenezo. Imatenga zomwe yapeza, kapena kuzikana.

Ikutenga deta m'malo atatu: mu sisitimu ya malonda, mu shiti ya `stock_daily` yomwe amadzaza a kosungira katundu, ndi mu shiti ya `targets` ya atsogoleri a magulu. Tsiku lililonse nthawi ya 5:30 m'mawa imawerenganso zonse za masiku 35 apitawa. Kenako Lolemba mpaka Lachisanu imabweranso 9 koloko, 11 koloko, 1 koloko, 3 koloko ndi 5 koloko madzulo, koma maulendo amenewa imangotenga za tsiku lomwelo. Kwa omwe mumafuna kuona mmene zalembedwera pa seva, nazi:

```
30 5 * * *        run_load --days 35
0 9-17/2 * * 1-5  run_load --days 1
```

Ulendo wa m'mawa umatenga mphindi pafupifupi 12, ya masana mphindi 3 kapena 4. Choncho invoyisi yomwe mwalowetsa 11:05 musaiyembekezere pa dashibodi isanakwane 1 koloko ndi mphindi zingapo. Loweruka ndi Lamlungu pali ulendo wa m'mawa wokha.

Musanakhulupirire nambala iliyonse, yang'anani kaye pamwamba kudzanja lamanja pomwe palembedwa `Last updated`. Pambali pake pali kadontho. Kakakhala kobiriwira, magwero onse atatu abwera bwino. Kachikasu ndiye kuti deta yalowa koma mizere ina yakanidwa. Kakafiira, ulendo wonse walephera ndipo mukuona manambala a ulendo womaliza womwe unatheka. Tachita dala kuti dashibodi isamakhale yopanda kanthu zikavuta, koma kuipa kwake nkwakuti matchati amaoneka abwinobwino ngakhale ali a dzulo, ndipo chokuuzani ndi kadonthoko basi. Zikalephera pulogalamu imayesanso katatu, kutalikirana mphindi 10, ndipo ikalepherabe imatitumizira imelo ife. Simukufunika kutiuza pokhapokha kadonthoko kakhalabe kofiira kupitirira ola limodzi.

Batani la `Refresh` likadalipo koma silikoka deta kuchokera ku sisitimu ya malonda. Limangowerenganso zomwe ulendo womaliza unasiya. Kulidina kakhumi sikungabweretse invoyisi yanu msanga. Ntchito yake ili apa: tsamba mukalisiya lotsegula kuyambira m'mawa, limakhalabe ndi manambala a m'mawawo mpaka mutadina `Refresh` kapena `F5`.

Tsopano za mashiti awiri aja, pomwe tikuona kuti mavuto ambiri achokera. Pulogalamu imapeza kolamu iliyonse ndi dzina lomwe lili pa mzere woyamba. Mu `stock_daily` mayinawo ndi `date`, `item_code`, `location`, `qty_in`, `qty_out` ndi `closing_qty`. Wina akasintha `qty_out` kukhala `Qty Out` kuti zioneke bwino, ulendo wonse umalephera chifukwa kolamuyo yasowa. Kuonjezera kolamu yanuyanu kumapeto, mwina ya ndemanga, palibe vuto, pulogalamu imaidumpha. Kusintha dzina la fayilo, kuisamutsira mu foda ina, kapena kupanga kope nkumadzaza kopeyo, ndiye ayi. Choopsa kwambiri ndi kope, chifukwa palibe chomwe chimalephera: pulogalamu imawerengabe fayilo yakale, kadontho kamakhala kobiriwira, ndipo sitoko imaoneka ngati siikuyenda.

Deti lembani motere: `YYYY-MM-DD`, chaka, mwezi, kenako tsiku. `03/04` kompyuta ina imawerenga kuti 3 Epulo, ina 4 Malichi, malingana ndi mmene inatcheredwera, nchifukwa chake pulogalamu ikukana kalembedwe kameneka m'malo molota. M'makolamu a kuchuluka kwa katundu lembani nambala yokha. `120` ikulowa, `120 pcs` kapena `1,2OO` yokhala ndi chilembo O m'malo mwa ziro siilowa. Ngati palibe chomwe chatuluka tsiku limenelo lembani `0`, musasiye mpata, poti mpata umatanthauza kuti simunawerenge. Makhodi oyamba ndi ziro samalani nawo. Sipuredishiti ikaona `00451` imaiyesa nambala nkuchotsa maziro, kutsala `451`, ndipo khodi yoteroyo mu sisitimu mulibe. Kolamu ya `item_code` taitchera kale kuti ikhale `Text`, koma mukamata zochokera ku fayilo ina kutcherako kumafufutika, ndiye gwiritsani ntchito `Paste values only`.

Musaphatikize maselo, ndiponso musaike mzere wa chiwonkhetso pansi pa shiti. Dashibodi imawonkhetsa yokha. Mzere wotero pulogalamu imaukana chifukwa ulibe khodi, koma ungasandutse kadontho kachikasu tsiku lililonse, ndipo anthu akazolowera chikasu sadzachionanso tsiku lomwe chili ndi tanthauzo.

Mzere uliwonse wokanidwa umapita pa tsamba la `rejected_rows` pamodzi ndi nambala yake ndi chifukwa chake, mwachitsanzo `bad date` kapena `unknown item_code`. A kosungira katundu, tikukupemphani kuti muzimaliza kudzaza za tsikulo musanaweruke, ndipo m'mawa mwake mukafika muzitsegula tsamba limeneli. Konzani mu shiti yanu momwemo, osati pa tsamba la zokanidwa. Mukakonza mzere wa lero, ulendo wotsatira uutenga. Mukakonza wa dzulo kapena wa dzana, uoneka mawa m'mawa, chifukwa maulendo a masana sayang'ana m'mbuyo. Atsogoleri a magulu, matageti a mwezi watsopano alowe mu `targets` tsiku lomaliza la mwezi lisanathe. Akachedwa, tchati cha `% of target` chikhala chopanda kanthu, popeza palibe nambala yogawira.

Pali chinthu china chomwe chidabwitse ambiri: manambala a masiku apita azisintha. Kale lipoti la Lolemba likatuluka linkakhala lomwelo mpaka kalekale, ngakhale katundu wina atabwezedwa Lachitatu. Panopa kasitomala akabweza katundu, kapena invoyisi yochedwa ikalowa ndi deti la sabata yatha, ulendo wa 5:30 ukonza tsiku limenelo. Ndiye ngati munaona 840 Lachiwiri ndipo Lachisanu tsiku lomwelo likuonetsa 812, dashibodi siinasokonezeke. Dinani pa nambalayo, mizere yonse itseguka ndipo zobwezedwa zili ndi chizindikiro cha `-` kutsogolo. Pa chifukwa chomwechi, mukajambula tchati kuti muike mu lipoti, jambulani ndi `Last updated` yomwe. Anthu awiri atha kukangana theka la msonkhano pa manambala omwe onse ndi olondola, wina anajambula m'mawa wina madzulo.

Kusinthaku kuli ndi malire. Ulendo wa m'mawa wa pa deti la 5 mwezi uliwonse ukatha, mwezi wapitawo umatsekedwa ndipo manambala ake sasunthanso. Masiku 35 aja tinawasankha kuti pa 5 pulogalamu izifikabe pa 1 wa mwezi wathawo ngakhale uli wa masiku 31. Chokonza chilichonse cha mwezi wotsekedwa chidzere kwa a zachuma. Iwo akavomereza, ife titsegula mweziwo nkuuwerenganso pamanja.

Mukayerekeza ndi sipuredishiti yakale mupeza kusiyana pang'ono, ndipo tikudziwa komwe kukuchokera. Yakale inkawerenga malonda pa deti la oda, pomwe dashibodi ikuwerenga pa deti la invoyisi, monga amachitira a zachuma. Oda ya pa 30 yomwe invoyisi yake yatuluka pa 2 tsopano ikugwera mwezi winawo. Maoda ofufutidwa sakuwerengedwanso, pomwe kale ankatsala ngati wokopera sanawachotse. Tinayendetsa sipuredishiti yakale ndi dashibodi limodzi mwezi wathawu ndipo kusiyana konse komwe tinapeza kunachokera pa zifukwa ziwirizi. Mukapeza kusiyana komwe sikukugwirizana nazo, tikufuna kumva.

Nambala ya lero nayo muziiwerenga mosamala. Pa 11 koloko tsiku silinathe, ndiye kaya muvi wofiira ukuloza pansi poyerekeza ndi dzulo, musathamangire kuimbira gulu lanu. Zoyerekeza zenizeni tengani pa `Yesterday` ndi `Month to date`.

Ena munazolowera kulemba pamwamba pa nambala mu shiti yaikulu mukadziwa kuti ndi yolakwika. Zimenezo sizithekanso, ndipo zikanatheka ulendo wotsatira ukanazifufuta. Cholakwika chikonzedwe komwe chinayambira, mu sisitimu ya malonda kapena mu shiti yake. Pomwe sizingatheke, monga katundu woonongeka yemwe sanalembedwe kulikonse, pali tsamba la `adjustments`. Lembani deti, khodi, kuchuluka ndi chifukwa, mtsogoleri wa gulu lanu aike `Y` mu kolamu ya `approved`. Popanda `Y` ameneyo mzerewo sukuwerengedwa. Tikudziwa kuti nzochedwetsa poyerekeza ndi kale, koma tsopano nambala iliyonse yosinthidwa izikhala ndi mwini wake ndi chifukwa chake.

Sipuredishiti yakale ikhalapo mpaka kumapeto kwa mwezi uno, yongowerenga, kenako tiisunga padera. Ngati muli ndi fayilo yanu yomwe imakoka manambala kuchokera mmenemo ndi fomula, tiuzeni sabata ino, chifukwa tikaichotsa fomulayo isiya kugwira ntchito. Batani la `Export CSV` limapereka zomwezo, koma limatsata mafyuluta omwe mwasankha, ndiye onani kaye kuti simunasiye fyuluta ya dera limodzi. Imelo ya Lolemba yokhala ndi lipoti siibweranso.

Mafunso ndi mavuto lembani mu `#dashboard-help`, osati kwa mmodzi wa ife payekha, kuti yemwe ali pa ntchito tsiku limenelo aone. Tiuzeni tsamba lomwe muli, mafyuluta omwe mwasankha, nthawi yomwe ili pa `Last updated`, nambala yomwe mukuona ndi yomwe mumayembekezera. Ngati ndi invoyisi yomwe ikusowa, perekani nambala yake. Lachinayi nthawi ya 2 koloko masana tikhala ndi mphindi 30 zoonetsa `rejected_rows` ndi `adjustments` pa sikirini. A kosungira katundu ndi atsogoleri a magulu chonde mudzapezeke, ena onse ngati mwafuna.

Zikomo,
Gulu loona za deta