Kwizi ya Ndani Ali Patsogolo Kutchire: Fomu 3 ndi Fomu 4, Lachisanu 2 koloko mu holo

(Wofunsa ndi Madamu patironi wa kalabu ya zanyama. Tadala awerenga zowonjezera pa yankho lililonse, Yamikani agwira wotchi ndi belu, Chisomo alemba mapointi pa bolodi. Timu iliyonse anthu 4.)

MADAMU: A hedi, aphunzitsi anzanga, anyamata ndi atsikana, mwaswera bwanji? Kumbuyoko sindikukumvani, mwaswera bwanji? Eya, tsopano ndiye. Kumanja kwanga kuli Timu Nkhwazi ya Fomu 3, kumanzere Timu Chambo ya Fomu 4. Malamulo ndi ochepa, funso lililonse mapointi 2, muli ndi masekondi 15 oti munong'onezane, belu likalira funso lapita kwa anzanu ndipo iwo akakhoza atenga 1. Inu owonerera chonde musaponye mayankho, ndikamva mawu kuchokera m'mabenchimo funsolo ndilifafaniza ngakhale timu yanu ikhale kuti imalidziwa. Ndipo matimu mvetserani funso mpaka kumapeto, chifukwa lero kamawu kamodzi ngati "pamtunda" kapena "m'madzi" kakusintha yankho lonse. Yamikani, wotchi ili bwino? Tiyeni.

CHIGAWO CHOYAMBA: LIWIRO

MADAMU: Nkhwazi, lanu ili. Ndi nyama iti yothamanga kwambiri pamtunda?

(Yankho: chita, ena amati kakwiyo. Akati kambuku kapena nyalugwe musapatse, ndi nyama zosiyana.)

TADALA: Chita amafika pafupifupi makilomita 100 pa ola. Mu 2012 chita wina dzina lake Sarah, wa kumalo osungira nyama ku Cincinnati ku America, anathamanga mamita 100 pa masekondi 5.95, pomwe Usain Bolt rekodi yake ya 2009 ndi masekondi 9.58. Zikhadabo zake sizibwerera zonse mkati ngati za mphaka ndiye zimagwira dothi ngati majombo a mpira, mchira wautali uja ndi wokhotera. Koma liwiro limeneli ndi la kanthawi kochepa, mphalapala ikamuzemba kawiri katatu iye watopa basi wayisiya.

MADAMU: Ndipo musamaganize kuti ndi za pa kanema zokha, achita alipo ku Liwonde konkuno, anawabweretsanso mu 2017 kuchokera ku South Africa atatha zaka zambiri osaoneka m'dziko muno. Chambo, konzekani. Mwa zamoyo zonse, zoyenda, zosambira, zouluka, chimene chimafika liwiro lalikulu kuposa zonse ndi chiti?

(Yankho: mbalame ya peregirini fakoni. Akangoti kabawi apatseni 1.)

TADALA: Ndi mbalame ya mtundu wa akabawi, siyaikulu kwenikweni, ngati khwangwala. Imakwera m'mwamba kwambiri, ikaona nkhunda pansi imapinda mapiko nkugwa chamutu ngati mwala, ndipo pakugwapo imapitirira makilomita 300 pa ola. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pa msewu ndi makilomita 300 ndi kena, ndiye liwiro limenelo litati lisatsike ndi ulendo wa ola limodzi, kungoti iyo imachita zimenezi kwa masekondi okha.

MADAMU: Nkhwazi, mbalame yothamanga kwambiri ndi miyendo?

(Yankho: nthiwatiwa.)

TADALA: Makilomita 70 pa ola, ndipo phazi lililonse lili ndi zala ziwiri zokha.

MADAMU: Chambo, ili ndi losankha. Mu 2022 kambalame ka mtundu wa godiwiti kanauluka kuchoka ku Alaska kukatera ku Tasmania, makilomita opitirira 13,500 osatera paliponse. Kanatenga masiku angati, 3, 11 kapena 30?

(Yankho: 11.)

TADALA: Kanali ndi miyezi 5 yokha chibadwire, osadya osamwa njira yonse, ndipo anadziwa chifukwa anakamangirira kachipangizo kolondolera.

CHIGAWO CHACHIWIRI: KULEMERA NDI KUTALIKA

MADAMU: Chisomo tiwerengere mapointi. Zikomo. Pano ayamba ndi a Chambo. Nyama yolemera kwambiri padziko lonse lapansi ndi iti? Ndabwereza, padziko lonse.

(Yankho: namgumi wa buluu. Ambiri athamangira njovu, akatero lipite kwa anzawo.)

TADALA: Namgumi ameneyu amatalika mpaka mamita 30 ndipo wamkulu amapitirira matani 150. Kuti timvetse bwino, thumba la chimanga ndi makilo 50, ndiye matani 150 ndi matumba 3,000. Mwana wake tsiku lobadwa lomwelo amakhala kale matani opitirira 2. Chodabwitsa nchoti chinyama chonsechi chimadya tizilombo ta m'nyanja totchedwa kirili, tochepa ngati kachala kakang'onoka, amangoyasamula kumeza madzi ambirimbiri nkuwasefa tizilomboto nkutsala mkamwa.

MADAMU: A Fomu 4 paja munaphunzira kale magulu a nyama, pointi imodzi yaulere kwa amene ayambe kukweza mkono: namgumi ndi nsomba kapena ayi, ndipo chifukwa chake?

(Yankho: ayi. Amapuma ndi mapapo, amabereka mwana wamoyo, amayamwitsa. Chifukwa chimodzi chakwana.)

MADAMU: Nkhwazi, tsopano pamtunda. Yolemera kwambiri tonse tikuidziwa ndi njovu ya kuno ku Africa, yamphongo yaikulu imafika matani 6. Funso ndi la samu: pakufunika njovu zingati zoterozo kuti zifanane ndi namgumi wa matani 150? Osagwira kakyuleta.

(Yankho: 25.)

MADAMU: Njovu 25 mbali imodzi, namgumi mmodzi mbali inayo. Inu amene munapita nawo ku tiripi ya ku Liwonde mukukumbuka ija inatulukira pafupi ndi basi yathu kuthyola nthambi ya mopane ngati ikuthyola nzimbe, basi yonse zii, ngakhale olongolola aja osatsokomola. Ndiye muziwerenge zoterozo 25. Chambo, njovu yomweyi ili ndi rekodi ina pakati pa nyama zoyamwitsa, imakhala ndi bere miyezi ingati?

(Yankho: 22. Akati pafupifupi zaka 2 apatseni.)

TADALA: Nchifukwa chake njovu zikaphedwa ndi opha mozemba zimachedwa kuchulukanso. Ku Nkhotakota zinatsala zochepa kwambiri mpaka mu 2016 ndi 2017 anachita kusamutsa njovu pafupifupi 500 pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kukazisiya kumeneko.

MADAMU: Nkhwazi, nyama yaitali kuposa zonse ndi kadyamsonga, wamphongo amapitirira mamita 5. M'khosi mwake muja muli mafupa angati, 7, 17 kapena 40?

(Yankho: 7.)

TADALA: Chimodzimodzi ine ndi inu, gwirani khosi lanu, mulinso 7. Ake ndi ataliatali basi.

CHIGAWO CHACHANGU

MADAMU: Apa palibe kunong'onezana, woyamba kumenya desiki ndiye ayankhe, pointi imodzi imodzi, Yamikani ndiwe woona amene wayamba ndipo mawu ako ndi omaliza.

Mbalame yoikira dzira lalikulu kwambiri? (Nthiwatiwa, dzira limodzi ngati mazira a nkhuku 24.)

Kambalame kakang'ono kwambiri padziko, kolemera magalamu 2 okha, theka la kasupuni ka shuga, kamapezeka ku chilumba chiti, Cuba kapena Madagascar? (Cuba.)

Nsomba yaikulu kwambiri ili m'gulu la ashaki, zoona kapena zonama? (Zoona.)

Nyanja ya madzi opanda mchere imene ili ndi mitundu yambiri ya nsomba kuposa ina iliyonse padziko? (Nyanja ya Malawi.)

MADAMU: Lomalizali mukalephera ndikhumudwa zenizeni. Mbuna zija timaziona ku Cape Maclear zikuzungulira m'miyala, zabuluu zachikasu, mitundu yake ndi mazanamazana ndipo yambiri simungaipeze kwina kulikonse, nchifukwa chake UNESCO inaika paki ya panyanjapo pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

CHIGAWO CHACHITATU: MOYO WAUTALI

MADAMU: Chigawo ichi ndiye ndimachikonda. Nkhwazi, pa chilumba cha St Helena pali nyama ina dzina lake Jonathan, imene ili ndi rekodi ya zaka zambiri pa nyama zapamtunda zomwe zaka zake zikudziwika. Jonathan ndi nyama yanji?

(Yankho: fulu. Kamba ndi zomwezo.)

TADALA: Akatswiri amati anaswa cha m'ma 1832 ku zilumba za Seychelles, ndipo anamupititsa ku St Helena mu 1882 ali wamkulu kale.

MADAMU: Imani kaye pamenepo, a Histore ndithandizeni. David Livingstone anafika pa nyanja yathuyi mu 1859, nthawi imeneyo Jonathan anali ndi zaka ngati 27. Nkhondo ya John Chilembwe mu 1915 iye ali ndi zaka zoposa 80, ufulu wathu mu 1964 ali ndi zoposa 130, zaka 190 anazikwanitsa mu 2022 akudyabe kabichi ndi nthochi, maso anachita khungu koma makutu akumva bwinobwino. Zonse mukuloweza pokonzekera mayesozi zinachitika fulu mmodzi yemweyo akupuma. Chambo, mwa nyama zokhala ndi fupa la msana, ya moyo wautali kuposa zonse ndi iti: fulu, njovu, kapena shaki wa ku Greenland?

(Yankho: shaki wa ku Greenland.)

TADALA: Mu 2016 asayansi anayeza timagalasi ta m'maso mwa ashaki amenewa ndipo wamkulu kwambiri anamuyerekeza zaka pafupifupi 400, zikachepetsetsa 272. Amakhala m'madzi ozizira koopsa, amasambira pang'onopang'ono, amakula mwina sentimita imodzi pa chaka, ndipo wamkazi amayamba kubereka ali ndi zaka ngati 150.

MADAMU: Funso ili ndi la matimu onse, lembani nambala pa pepala, woyandikira atenga mapointi 2. Mu 2006 kufupi ndi Iceland anavuula kanyama kokhala m'chigoba ngati nkhono za kunyanja zija, anakatcha Ming. Atawerenga mizere ya pa chigoba chake, monga timawerengera mizere ya mtengo wodulidwa, anapeza zaka zingati?

(Yankho: 507.)

TADALA: Ndiye kuti kanabadwa mu 1499. Chomvetsa chisoni nchoti kanafa m'manja mwa ofufuzawo, anakaika mu firiji pamodzi ndi tinzake asanadziwe kuti ndi kakale choncho.

FUNSO LOMALIZA, MAPOINTI 5

MADAMU: Chisomo, bolodi ikuti bwanji? Chabwino, ili likhoza kutembenuza zonse. Makaputeni bwerani kutsogolo, aliyense choko m'manja, mutembenukirane misana, mulembe yankho pa bolodi, masekondi 30, holo yonse chete. Ndi kanyama kati kamene kamaphetsa anthu ambiri padziko chaka chilichonse, kuposa mkango, ng'ona, mvuu ndi njoka kuphatikiza pamodzi?

(Yankho: udzudzu. Wolemba kuti waukazi wa anofelesi amuombere m'manja mwapadera.)

TADALA: Malungo okha amapha anthu pafupifupi 600,000 pa chaka, ambiri mwa iwo ndi ana osakwana zaka 5 a kuno ku Africa. Woluma ndi waukazi chifukwa amafuna magazi kuti mazira ake akhwime.

MADAMU: A ku hositelo, maneti aja ndikudziwa ena mwawapinda pansi pa matiresi ati kukutentha, usiku uno a meturoni ndi a bodingi masitala adutsa kuona. Chisomo, phatikiza zonse uwerenge mokweza. Zikafanana tili ndi lina lapadera, mtima wa namgumi wa buluu umalemera makilo angati, woyandikira wawina.

(Yankho: pafupifupi 180.)

MADAMU: A hedi, tikupempheni mubwere kutsogolo mudzapereke mphatso, makope ndi mabolopeni kwa opambana, enawo mapensulo. Kalabu ikumana Lachitatu likubwerali tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labu. A Fomu 1 mutsale mubweze mabenchi m'makalasi.