Yankho pa dandaulo lanu la firiji

Mayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndisanayankhe ndinayamba ndaona m'buku lomwe timalembamo ntchito. Zonse mwalembazi ndi zoona. Firiji yanu inafika pa shopu yathu ya ku Ginnery Corner pa 3 Okutobala. Tinakulonjezani masiku atatu, koma inakhala kuno masabata awiri, ndipo itabwerera kwanu ku Chilomoni inangozizira usiku umodzi. Pepani kwambiri mayi, takulakwirani.

Chandiwawa kwambiri ndi zomwe mwanena za mafilizesi. Mwezi uno, dzuwa likuswa mtengo chonchi, ndi pomwe malonda anu amayenda, ndiye kudzuka m'mawa n'kupeza timapepala tonse tili madzi okhaokha, shuga mutagula kale, n'zopweteka mtima. Kukwiya kwanu n'komveka. Mnyamata amene anakuyankhani pafoni kuti “si inu nokha amene mukudikira” ndakhala naye pansi. Munthu wotipatsa ntchito sayankhidwa choncho, ndipo adzabwera yekha kudzakupepesani.

Amisiri andiuza mosabisa pomwe panalakwika. Anathira gasi asanafufuze pomwe gasi woyambayo anathawira. Firiji siimaliza gasi ngati mmene galimoto imathera mafuta. Akachepa ndiye kuti paipi yabooka penapake, ndipo timayenera kupaka thovu la sopo m'malo olumikizira, kuwotcherera pobookapo, kenaka kuisiya ikulira usiku wonse tisanaibweze. Chifukwa chothamangira, zimenezi sizinachitike. Udindo woonetsetsa unali wanga.

Ngati mungatilole, Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa galimoto yathu ifika kwanu kudzatenga firijiyo. Ibwera ndi ina yathu yaing'ono yoti muzigwiritsa ntchito kuti geni isaime. Chonde ikakhale chiimire maola angapo musanaiyatse, kuti mafuta a mu kompulesa akhazikike pambuyo pa mabampu a mumsewu. Yanuyo tiibweza Lachinayi, nditaiyesa ndekha. Simulipiranso kalikonse, ngakhale thiransipoti, ndipo ikadzavutanso pa vuto lomweli miyezi itatu isanathe tidzaikonza ulere.

Mwapempha kuti tikubwezereni K60,000 yonse yomwe munalipira. K25,000 ya ntchito ya manja nditumiza lero pa Mpamba, pa nambala yomwe munalipirira ija. Yotsalayo inali ya gasi, ndipo gasi amene tithirenso tigula ndi ndalama zathu. Koma ngati mtima wanu sukufunanso kuti tiigwire firijiyo, sindikukakamizani: ndibweza ndalama yonse kuti mukakonzetse komwe mungakhulupirire.

Za katundu amene anaonongeka, tawerengerani shuga ndi timapepala tomwe munataya, Lolembalo tidzakambirane, pakuti nanenso ndibwera nawo. Ngati tsikuli silikukuyenerani, imbani pa nambala ya pa lisiti yanu. Sabata ino foniyo ili m'manja mwanga.

Ine wanu,
Mwini shopu