Chithunzi chimanena zambiri kuposa nkhope yako

Zikomo a tcheyamani, zikomo achinyamata nonse mwalimbana ndi dzuwa la kuno ku Ngabu n'kufika masana ano. Amene muli ndi foni, itulutseni, mutsegule chithunzi chimene mwaika pa Facebook kapena pa TikTok posachedwapa. Nkhope musaiyang'ane. Yang'anani zimene zili kumbuyo kwanu.

Mtsikana wajambulitsa atavala yunifolomu, baji ya sukulu ili pachifuwa, kumbuyo kukuoneka chikwangwani cha golosale, pansi walemba kuti "ndaweruka". Munthu amene sanamuonepo wadziwa kale sukulu yake, njira imene amadzera, ndi nthawi imene amadutsa. Mnyamata wa kabaza wajambula njinga yamoto yatsopano, nambala ikuwerengeka bwinobwino, mawa wajambulanso khonde pamene imagona. Wakuba atsala ndi ntchito yanji?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chiphaso cha unzika. Munthu wangochilandira, chimwemwe chamugwira, wachiika pa sitetasi. Pamenepo pali dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso. Chimodzimodzi mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money. Mbava imatola dzina apa, sukulu apo, nambala ya mayi ako pena, kenako n'kuwaimbira: "Mwana wanu wachita ngozi pa Dyeratu, tumizani ndalama msanga." Mayi amatumiza ali kunjenjemera, chifukwa woimbayo watchula zonse molondola. Ena amalowa kuinibokosi akukutchula dzina ngati m'bale, akulonjeza ntchito ku Joni kapena kutsidya ku Mozambiki. Ozembetsa anthu amayamba choncho, ndipo ife malire tili nawo pafupi.

Wina anena kuti, "Ndikafufuta." Ukafufuta chako, koma chimene mnzako wasunga kale m'foni mwake, n'kuchiponya m'magulu a WhatsApp a ku Nchalo ndi ku Bangula, sungachibwezenso.

Sindikukuletsani kujambula, ayi. Koma mu kamera muzimitse Location, chifukwa chithunzi chimatha kusunga malo enieni amene chajambulidwira, ndipo chikatumizidwa ngati Document malowo amapita nacho. Pa Facebook sinthani Public ikhale Friends, ndipo amene simukumudziwa musamulandire. Za ulendo muziika mutabwerako. Mng'ono wanu, mwana wa aneba, mnzanu amene sanavomere, musawaike.

Wina akayamba kukuvutitsani kapena kukuopsezani ndi chithunzi, musamupatse ndalama, musafufutenso mauthenga ake, ndiwo umboni. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, mupite kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loletsa kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti. Kwa ana, nambala ya 116 ndi yaulere.

Tsopano khalani awiriawiri, musinthane mafoni. Aliyense amuuze mnzake zimene mlendo angadziwe pa zithunzi zisanu zomaliza. Amene mwasowa pozimitsira Location, kwezani dzanja ndikupezeni.