Mawu otsegulira mavidiyo a saluni: masekondi 3 oyamba

Asisi, nawa mawu oyambira mavidiyo 6 amene tijambule Lolemba, poti tsikuli m'saluni simudzaza. Vidiyo iliyonse ndi ya masekondi 20, yojambula foni ili choimirira (9:16), yoika pa TikTok, Facebook ndi WhatsApp Status. Pano ndalemba za masekondi 3 oyamba okha. Moni, dzina la saluni ndi nambala ya foni zibwere kumapeto. Facebook imawerengera padera anthu amene aonera vidiyo kufika masekondi 3, choncho tidzaona tokha mawu amene aimitsa chala cha munthu ndi amene angopitiriridwa.

Mawu onse ali m'mitengero alankhulidwe komanso alembedwe pa sikirini ndi zilembo zazikulu, chifukwa ena amaonera foni ili duu. Alembedwe pakati, osati m'munsi kapena kudzanja lamanja kumene kumakhala mabatani.

VIDIYO 1: ZOLUKA ZOSAKOKA (NOTILESI)

Iyi ndiyo vidiyo yaikulu, n'chifukwa chake ndailembera mawu ambiri. Aliyense amene analukitsapo akudziwa usiku woyamba uja.

1. "Analukitsa dzulo. Sanagone."
Mtsikana akutsitsa mutu pa pilo pang'onopang'ono, tsitsi litangokhudza akudzambatuka atagwira m'mutu. Asalankhule iye, mawu achokere kumbali. Awa ndi amene ndawakonda koposa, ndipo ndi amene tiyambe nawo.

2. "Mukalukitsa mumamwa panado?"
Kamera pafupi: dzanja likuika kapu ya madzi pambali pa chipeso. Funso lifunsidwe mwachifundo, osati monyoza.

3. "Sakudabwa ayi, ndi meshi yamukoka."
Nkhope yokha, nsidze zitakwera m'mwamba, maso ali tong'o. Apa pafunika munthu wodziwa kuseketsa osaseka iye mwini. Mlongo wanu wamng'ono uja angathe.

4. "Tsitsi lapamphumi likubwerera m'mbuyo?"
Zala zikukweza zoluka kuti mzere wa pamphumi uoneke. Mawuwa ndi aatali, alankhulidwe mofulumira koma osameza zilembo. Pa sekondi ya 4 mulowe inu kufotokoza kuti kukoka tsitsi mobwerezabwereza kumalithothola, ndipo zikapitirira kwa zaka pena silimeranso.

5. "Totupa tam'mbaliti si tabwino."
Tiziphuphu tam'khosi ndi m'mbali mwa makutu, timene timatuluka zoluka zikathina. Tijambule pokhapokha atapezeka kasitomala wobwera nato kuchokera kwina ndipo wavomera. Nkhope isaoneke.

6. "Wangomaliza kulukitsa. Taonani."
Kasitomala akunyamuka pampando, nthawi yomweyo akumanga zoluka zonse pamwamba pamutu, kenako akupukusa mutu uku ndi uku. Amene analukitsapo zamfundo akudziwa kuti tsiku loyamba sungayerekeze kutero. Notilesi imayamba ndi tsitsi la mwini wake, meshi n'kumalowa pang'onopang'ono, ndiye patsinde sipalemera. Chithunzichi chikunena zimenezo chisanafotokozedwe.

7. "Kukongola sikufuna misozi."
Awa ndawaika poti munawapempha, koma kwa ine ndi ofooka. Saluni iliyonse ingawanene, ndipo palibe chooneka chimene chikuwatsatira. Akhale osungira.

VIDIYO 2: MANKHWALA OWONGOLA TSITSI NDI RITACHI

8. "Akayamba kuwotcha, musapirire."
Kasitomala pampando, mankhwala ali m'mutu, akufinya chogwirira cha mpando koma osanena kanthu. Inu mukumuona pagalasi, n'kumutengera kosukira. Ambiri anazolowera kuti kupirira ndiko kuwongola bwino, ndiye mawu awa awadzidzimutsa.

9. "Mankhwala athere apa. Apa pokha."
Nsonga ya chipeso ikuloza pamene tsitsi latsopano lakumanira ndi lowongoka kale. Kuwala kukhale kokwanira kuti malirewo aoneke. Mukajambulira pafupi ndi zenera zitheka popanda nyali yapadera.

10. "Mwezi wonse, sentimita 1 yokha."
Rula itagundika patsinde pa tsitsi. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, choncho wopanga ritachi mwezi ndi mwezi amangopaka mankhwala pa tsitsi lomwe linawongoka kale mpaka limaduka. Zotsatira zake munene lamulo lanu lija, loti ritachi simupanga pasanathe masabata 8.

11. "Mawa kuli ritachi? Osakanda!"
Dzanja likupita kumutu kuti likande, dzanja lina likulimenya kuti phaa. Phokosolo limveke. Ndi yaifupi, ndi yoseketsa, ndipo ndi yoona: pokandidwa m'pamene mankhwala amaluma.

VIDIYO 3: NTHAWI

Musanavomere mawu a gawo ili, mutsimikize kuti zimene akulonjeza muzichita tsiku lililonse, ngakhale Loweruka. Wobwera chifukwa cha vidiyoyi akadikira maola awiri pabenchi adzalemba zimenezo pansi pa vidiyo yomweyo.

12. "Manja anayi, mutu umodzi."
Kamera kuchokera pamwamba: oluka awiri, wina kumanzere wina kumanja, zala zikuthamanga. Osafulumizitsa chithunzi pokonza vidiyo, anthu amazindikira. Liwiro lawo lenileni ndi lokwanira.

13. "Munalowa m'mawa, mwatuluka kuli bii?"
Chitseko chikutseguka, panja mdima, munthu akutuluka atagwira msana.

14. "6 koloko m'mawa, tatsegula kale."
Kiyi akutembenuka, magetsi akuyaka, ketulo ili pamoto. Awa ndi a anthu apantchito amene amafuna kusukitsa ndi kuumitsa tsitsi asanapite ku ofesi. Wotchi yapakhoma ionekere m'chithunzi.

15. "Nthawi yanu ikakwana, mpando ulipo."
Mpando wopanda munthu, pali kapepala kolembedwa 10:00. Kasitomala akulowa, osakhala n'komwe pabenchi.

VIDIYO 4: MAWIGI

16. "Wigi kapena lake? Nenani."
Mutu ukutembenuka pang'onopang'ono, kamera ili pa mzere wa pamphumi. Yankho lisaperekedwe mpaka sekondi ya 15. Anthu amakonda kulosera, ndipo amene walosera amadikira kuti aone ngati walondola.

17. "Wigi munaitaya m'kabati ija."
Dzanja likusolola wigi yopotana, yonyankhalala, pansi pa zovala. Mawu athere pomwepo osamaliza, chiganizo chidzamalizidwe ndi chithunzi cha wigi yomweyo itachapidwa ndi kupesedwa. Ikhale yomweyodi, Asisi, osati inzake yatsopano.

18. "Pansi pa wigi pali bwanji?"
Kasitomala akuvula wigi yekha akuseka. Funsoli limaluma pang'ono, choncho alifunse ndi iye mwini, osati ife. Likatuluka pakamwa pa woluka limveka ngati chipongwe. Kenako tionetse kusuka, kudzoza ndi kuluka mizere yapansi.

VIDIYO 5: ANA

19. "Akumuluka, koma tamverani: zii."
Mwana ali pampando akujambula pa pepala, woluka ali kumbuyo. Pakatha mawuwo pasakhale nyimbo kwa sekondi yathunthu, kumveke chipeso chokha.

20. "Amathawa akaona chipeso?"
Timapazi tikuthamangira kuseri kwa chitseko. Mayi aliyense aseka poti akumudziwa mwana ameneyu. Zotsatira tionetse kunyowetsa tsitsi kaye ndi kuyamba kupesa kunsonga kupita kutsinde.

Mwana asajambulidwe popanda chilolezo cha kholo lake, ndipo chilolezocho chikhale cholemba. Yunifolomu yasukulu isaoneke.

VIDIYO 6: MKWATIBWI NDI MADIREDI

Ntchito ziwirizi ndaziphatikiza poti iliyonse ili ndi mawu ochepa. Mukaona kuti sizikugwirizana tidzazigawa.

21. "Avine mpaka usiku, silisuntha."
Mkwatibwi woyeserera akudumpha ndi kupukusa mutu, tsitsi lili nji. Tijambule pa tsiku loyesa sitayilo, osati pa ukwati weniweni, pamene aliyense mtima uli m'mwamba.

22. "Osayesa sitayilo tsiku la ukwati."
Nkhope ya mkwatibwi pagalasi, akuyang'ana chinthu chimene sanachiyembekezere.

23. "Madiredi sachapa? Ndani ananena?"
Thovu lili tho m'manja, madzi akutsika. Kasitomala akhale bambo, kuti abambo adziwe kuti nawonso mpando wawo ulipo.

24. "Diredi laduka? Musalitaye."
Chikhatho chikutambasuka, muli diredi limodzi. Pambali pake kasingano kakoloshi kamene mumalumikizira.

AWA NDAWAKANA

"Moni nonse, takulandirani ku saluni yathu." Pofika pa "takulandirani" masekondi atha, munthu wapita.

"Tsitsi lothothoka limera pa sabata imodzi." Si zoona, ndipo mafuta amene mumagulitsa sangachite zimenezo. Wina akabwera ndi dazi lenileni kapena zilonda m'mutu, mumuuze akaonane ndi dokotala wa khungu.

"Tsitsi lanu likuchititsa manyazi." Munthu amaima ndithu akamva mawu otere, koma sabwera kudzakhala pampando wa amene wamunyoza.

"Ndife saluni nambala wani." Wanena ndani?

POJAMBULA

Mawu aliwonse tiwajambule katatu, ndipo wolankhula akokeretu mpweya kamera isanayatsidwe n'komwe, kuti liwu loyamba ligwe pa sekondi yoyamba. Choumitsira tsitsi ndi wailesi zizimitsidwe, kupatula pamene ndalemba kuti phokoso limveke. Magalasi apukutidwe, ndipo wojambula aonetsetse kuti iye mwini sakuonekamo.

Sabata yoyamba titulutse vidiyo 1 kawiri: Lachiwiri ndi mawu a nambala 1, Lachinayi ndi a nambala 6, zina zonse zili chimodzimodzi ndiponso pa ola lofanana. Amene asunge anthu ambiri kupyola sekondi ya 3 ndi amene tidzalipirire kuti afike patali. Mundiuze pofika Loweruka ngati mlongo wanu wavomera nambala 3, kuti ndidziwe ngati ndifune munthu wina.