Mbiri ya Mpingo, Phunziro 6: Momwe misonkhano ikuluikulu inapangira zikhulupiriro

Ophunzira okondedwa, sabata yatha tinalekeza pa chaka cha 313, pamene mafumu Konstantino ndi Likiniyo anagwirizana ku Milani kuti Akhristu azipembedza momasuka. Lero tikufunsa kuti mawu omwe timanena titaimirira m'tchalitchi anachokera kuti. Mfundo yanga ndi iyi: misonkhano sinapeke chikhulupiriro chatsopano. Inatenga mawu omwe anthu ankavomereza kale pobatizidwa, n'kuonjezeramo mawu ochepa otseka khomo lomwe chiphunzitso china chinkafuna kulowera.

Tiyambe ndi ubatizo. Kale mu Chipangano Chatsopano muli mawu achidule ovomereza, monga akuti "Yesu ndi Ambuye" pa Aroma 10:9, ndi zomwe Paulo akuti analandira napereka kwa ena pa 1 Akorinto 15:3-5. Pambuyo pake wobatizidwa ankafunsidwa katatu ali m'madzi, za Atate, za Mwana ndi za Mzimu Woyera, iye n'kumayankha kuti akukhulupirira. Mzinda uliwonse unali ndi kanenedwe kake, koma msana wake unali umodzi. Chikhulupiriro cha Atumwi chinakula kuchokera ku mawu aubatizo a mpingo wa ku Roma. Sichinalembedwe ndi msonkhano uliwonse, ndipo ndikupempha kuti pa mayeso musadzachisokoneze ndi cha ku Nikea.

Nanga chinavuta n'chiyani? Cha m'ma 318, mumzinda wa Alekizandiriya ku Ejipito, wansembe wina dzina lake Ariyo anayamba kutsutsana ndi bishopu wake Alekizanda. Ariyo sanali munthu wachibwana. Ankafuna kuteteza mfundo yoti Mulungu ndi mmodzi, wopanda chiyambi. Ankati ngati Mwana anabadwa, ndiye kuti ali ndi chiyambi, ndipo inalipo nthawi imene Iye kunalibe. Kwa Ariyo, Mwana ndi woyamba ndi wamkulu wa zolengedwa zonse, koma ndi cholengedwa ndithu. Mavesi anali nawo: Miyambo 8:22 ndi Yohane 14:28, pomwe Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa Iye. Alekizanda nayenso anali ndi ake, Yohane 1:1 ndi Yohane 10:30.

Konstantino atagonjetsa Likiniyo mu 324 anapeza mipingo ya kum'mawa itagawanika, ndipo iye ankafuna bata mu ufumu wake. Mu 325 anaitanitsa mabishopu ku Nikea, dera lomwe lero lili m'dziko la Turkey. Mwambo wa mpingo umati analipo 318, ambiri a iwo ochokera kum'mawa. Hosiyo wa ku Kodoba, mlangizi wa mfumu, analipo. Atanasiyo, yemwe anadzakhala bishopu wa ku Alekizandiriya, analiponso, koma apa n'kuti ali dikoni wotumikira Alekizanda.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mabishopu poyamba ankafuna kulemba chikhulupiriro ndi mawu a m'Malemba okhaokha. Atanasiyo anadzafotokoza pambuyo pake kuti vesi lililonse lomwe ankatchula, a mbali ya Ariyo ankalilandira, n'kulimasulira mowakomera. Mukanena kuti Mwana ndi wochokera kwa Mulungu, iwo ankavomera, popeza zinthu zonse zimachokera kwa Mulungu. Zinaoneka kuti anthu awiri angathe kuwerenga vesi limodzi mokweza, wina akutanthauza Mlengi, wina cholengedwa. Ndiye msonkhano unatenga mawu aubatizo n'kulowetsamo ziganizo zomwe Ariyo sakanatha kuzimeza: Mwana ndi Mulungu weniweni wochokera kwa Mulungu weniweni, wobadwa osati wolengedwa, ndipo ndi homousiyosi ndi Atate. Liwu la Chigiriki limeneli limatanthauza kuti umulungu womwe Atate ali nawo ndi womwewo womwe Mwana ali nawo, osati wongofanana nawo. Liwuli mulibe m'Baibulo, ndipo zimenezi zinavutitsa mabishopu ambiri oona mtima, kuphatikizapo Eusebiyo wa ku Kaisareya, yemwe anasaina koma n'kulembera mpingo wake kalata yofotokoza chifukwa chake. Ine ndimaona kuti msonkhano unachita bwino. Funso silinali la nzeru za anthu ophunzira chabe, linali la chipulumutso: ngati amene anafa pamtanda ndi cholengedwa chinzathu, angatiyanjanitse bwanji ndi Mulungu? Ndipo tingamupembedze bwanji osalakwira lamulo loyamba?

Kumapeto kwa chikhulupirirocho anaikako matemberero kwa onena kuti inalipo nthawi imene Mwana kunalibe. Mabishopu awiri okha, Sekundo ndi Teona a ku Libiya, anakana kusaina, ndipo anathamangitsidwa pamodzi ndi Ariyo. Tisabise, dzanja la mfumu linali lolemera pamenepa. Munthu akasaina akudziwa kuti akakana apirikitsidwa, siginecha yake siitiuza zonse za mumtima mwake.

N'chifukwa chake mkangano sunathe. Kwa zaka zoposa 50 kunachitika misonkhano yambiri yolemba zikhulupiriro zina zopewa liwu lija, ndipo mafumu Konstansiyo ndi Valensi anakondera otsutsa Nikea. Atanasiyo, yemwe anakhala bishopu mu 328, anachotsedwa pampando kasanu asanamwalire mu 373. Ntchito yomwe inathandiza kwambiri inagwiridwa ndi abusa atatu a ku Kapadokiya, Basiliyo, mng'ono wake Gregori wa ku Nisa, ndi mnzawo Gregori wa ku Nazianzo. Iwo anasiyanitsa mawu awiri omwe ankasokonezedwa: usiya, umulungu umodzi, ndi hipositasisi, zomwe Atate, Mwana ndi Mzimu ali aliyense payekha. Anthu omwe ankaopa kuti Nikea ikunena kuti Atate ndi Mwana ndi munthu mmodzi wovala nkhope ziwiri mitima inawakhala pansi.

Mu 381 mfumu Teodosiyo anaitanitsa mabishopu 150 ku Konstantinopo. Funso latsopano linali la Mzimu Woyera, pakuti ena ankakana umulungu wake. Za Mzimu, chikhulupiriro cha mu 325 chinangonena kuti "ndi mwa Mzimu Woyera" basi. Tsopano anaonjezera kuti ndi Ambuye, wopatsa moyo, wochokera kwa Atate, wopembedzedwa ndi kulemekezedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana. Chomwe timachitcha cha ku Nikea m'mapemphero athu ndi chimenechi cha mu 381, ndipo mawu ake onse timawapeza koyamba m'zolembedwa za msonkhano wa mu 451.

Misonkhano iwiri yotsatira sinalembe chikhulupiriro china. Wa ku Efeso mu 431, pa mkangano wa Kirilo, bishopu wa ku Alekizandiriya, ndi Nestoriyo, bishopu wa ku Konstantinopo, unavomereza kuti Mariya atchedwe wobala Mulungu, ndipo unaletsa kupanga chikhulupiriro chosiyana ndi cha ku Nikea. Wa ku Kalisedoni mu 451 unangopereka kufotokozera: Khristu ndi mmodzi, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, m'zikhalidwe ziwiri zosasakanizika, zosasinthika, zosagawanika, zosalekanitsika. Mtengo wake unali wowawa. Mipingo ya Akoputiki ku Ejipito, ya ku Itiyopiya, ya ku Ameniya ndi mbali ina ya ku Siriya sinavomereze, ndipo kulekanako kulipo mpaka lero.

Mawu akuti Mzimu amachokera kwa Atate "ndi Mwana" sanaikidwe ndi misonkhano imeneyi. Anafala kuchokera ku Sipeini, akum'mawa anawakana, ndipo tidzawakambirana tikafika pa kugawanika kwa mu 1054.

Ntchito yanu: tengani chikhulupiriro cha ku Nikea monga chilili m'buku la mapemphero kapena la katekisimu la mpingo wanu. Sankhani ziganizo zitatu, ndipo pa chilichonse fotokozani chiphunzitso chomwe chikukanidwa ndi mavesi omwe mbali zonse ziwiri zinkagwiritsa ntchito. Onaninso liwu lomwe omasulira anaika m'malo mwa homousiyosi, munene ngati Ariyo akanatha kulivomereza. Masamba asapitirire atatu, ndipo mubweretse Lachinayi tisanayambe kalasi.